Kalata yodandaula za intaneti yodukaduka: umboni wake ukhale wotani?

Wosindikiza_Nchalo

Moni nonse a pa gulu lino. Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kujambula mapepala kuno ku Nchalo, ndipo ntchito yanga yambiri imadalira intaneti, chifukwa anthu amabwera kudzatumiza makalata ofunsira ntchito, kudzalembetsa sukulu ndiponso kudzasindikiza zikalata zimene atumiziridwa pa imelo. Intaneti ndimagula ku kampani ina imene inaika kadishi padenga langa, koloza ku nsanja yawo, ndipo ndimalipira K120,000 pa mwezi. Kuyambira mwezi wa Seputembala intanetiyi ikumaduka pafupifupi tsiku lililonse. Ndikaimba foni amandiuza kuti ndizimitse rauta n'kuiyatsanso, kapena kuti kumbali yawo zonse zikuoneka bwinobwino. Dzulo mayi wina amene anachokera ku Ngabu anadikira pabenchi kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko masana, mapepala ali m'manja, ndipo anabwerera osathandizidwa atawononga ndalama ya minibasi. Ndaganiza zolembera kampaniyi kalata, koma sindikufuna kalata yongolira. Ndikupempha amene akudziwa andiuze umboni umene ndingasonkhanitse kuti asathe kuukana.

Mwana_wa_Thabwa

Achimwene, kalata ndi kutaya nthawi. Ingosiyani kampaniyo mupite kwina.

Wosindikiza_Nchalo

Kadishi ndi rauta ndinagula kwa iwo omwewo, ndipo sizingagwire ntchito ndi kampani ina. Ndisanataye ndalama imeneyo ndikufuna ndiyambe ndawapatsa mpata woyankha polemba.

Mai_a_Bangula

Ine zoterezi zimandichitikira kawirikawiri, bandulo ya sabata imatha m'masiku awiri okha ndisanaigwiritse ntchito yeniyeni. Muwauze m'kalatamo kuti atibwezere mabandulo athu, chifukwa ndalama ikuvuta.

Wamawaya_Chikwawa

Mayi, vuto lanu ndi lenileni, koma ndi losiyana ndi la achimwenewa. Iwo amalipira pa mwezi ndipo chimene chikusowa ndi kulumikizana kwenikweniko, osati kutha kwa bandulo.

Ndagwira ntchito yoika ndi kukonza zipangizo zoterezi kwa zaka zingapo, choncho ndikuuzeni mmene kalata yanu ikawerengedwere. Munthu amene akailandire adzafunsa funso limodzi asanachite china chilichonse: kodi chinaduka ndi chingwe cha kampani, kapena ndi magetsi, rauta ndi mawaya a m'shopu mwanu? Ngati umboni wanu suyankha funso limeneli, adzakuyankhani kuti vuto lili kwanu ndipo nkhani idzathera pomwepo. Motero musamangoyesa ngati intaneti ilipo. Muziyesa zinthu ziwiri pa nthawi imodzi. Choyamba, kodi kompyuta yanu ikulankhulana ndi rauta? Chachiwiri, kodi ikufika kunja? Ngati rauta ikuyankha koma kunja sikukuyankha, ndiye kuti m'shopu mwanu muli bwino ndipo vuto layambira pa kadishi kupita kutsogolo. Ngati rauta yomweyo siikuyankha, nthawi imeneyo musaiwerengere kampani.

Pa kompyuta ya Windows tsegulani PowerShell ndipo mulembe izi:

```
while ($true) {
  $r = Test-Connection 192.168.1.1 -Count 1 -Quiet
  $k = Test-Connection 8.8.8.8 -Count 1 -Quiet
  Add-Content kaundula.csv "$(Get-Date -Format s),$r,$k"
  Start-Sleep 60
}
```

Pa mphindi iliyonse kompyuta izilemba mzere umodzi wokhala ndi tsiku, nthawi ndi mayankho awiri, True kapena False. Nambala ya 192.168.1.1 ndi imene marauta ambiri amakhala nayo, koma yanu ikhoza kukhala ina, choncho yambani mwalemba `ipconfig` ndipo mutenge nambala imene ili pa mzere wa Default Gateway. Kompyutayo muilumikize ku rauta ndi waya, chifukwa ngati mudutsira pa Wi-Fi adzanena kuti vuto ndi makoma kapena kutalikira. Muiletsenso kugona yokha, popeza ikagona m'kaundula mumatsala mpata, ndipo mpata si umboni woti intaneti inaduka.

Mphunzitsi_Ngabu

Zimenezo n'zabwino koma zikuoneka zochuluka kwa munthu amene ali ndi makasitomala pamzere. Ine ndikuona kuti n'zokwanira kuyesa liwiro la intaneti pa foni ndi kujambula chimene chaoneka. Chithunzi chimakhala ndi nthawi pamwamba, ndipo palibe angachikane. Kusukulu kwathu tinachita choncho ndipo anabwera kudzakonza.

Wamawaya_Chikwawa

Aphunzitsi, chithunzi chimathandiza pa dandaulo la liwiro lochepa, ndipo mwina lanu linali limenelo. Koma chithunzi chimangoonetsa mphindi imodzi imene munajambula. Sichinena kuti vuto linayamba nthawi yanji ndipo linatha nthawi yanji, pamene achimwenewa akufuna kuwerenga maola. Akhoza kuikapo zithunzi ziwiri kapena zitatu monga zoonjezera, makamaka za nyali yofiira ya pa rauta, koma msana wa kalata ukhale kaundula.

Mphunzitsi_Ngabu

Ndamva. Komabe kope lolemba pamanja asalisiye, chifukwa kompyuta siidzalemba kuti anaimba foni nthawi yanji ndipo anayankhidwa chiyani.

Wamawaya_Chikwawa

Pamenepo mwanena zoona zenizeni. Nthawi iliyonse imene mwaimba foni, pemphani nambala ya dandaulo ndipo muilembe pamodzi ndi tsiku ndi ola. Makampani ambiri amayamba kuwerenga nthawi ya vuto kuchokera pamene mwawadziwitsa, osati pamene vutolo linayamba, choncho kuduka kumene simunakunene angakuone ngati sikunachitike. M'kope lomwelo muzilembanso nthawi imene magetsi a ESCOM azima ndi kuyaka m'dera lanu. Mudzaona phindu lake pambuyo pake.

Gogo_Chiromo

Ana inu mukudandaula za maola ochepa. Chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse linakhala mu mdima wa maola ambiri kwa miyezi yochuluka, ndipo 2023 itabwera Freddy ife kuno tinakhala masiku osamva ngakhale foni kulira, misewu itaduka. Chigwa chino n'chovuta, ndipo makampaniwo nawonso amavutika kufikako ku nsanja zawo madzi akasefukira. Tisamawaweruze msanga.

Mlimi_wa_Nzimbe

Agogo, zimenezo tonse tinaziona ndipo palibe anadandaula kwa kampani nthawi imeneyo. Koma kuyambira Seputembala mpaka pano kulibe mvula kapena madzi osefukira, kuli dzuwa lokha. Komanso ndalama ya mwezi amatenga yathunthu.

Gogo_Chiromo

Zoona, mdzukulu wanga, ndalama amatenga yathunthu. Ndimangofuna kuti kalatayo ilembedwe mwaulemu.

Zamalonda_Nsanje

Ndiloleni ndifotokoze zimene zinandichitikira, kuti achimwene asachite manyazi monga ndinachitira ine. Chaka chatha ndinalembera kampani yanga kalata yaukali, ndikuwauza kuti intaneti imaduka masana aliwonse. Atabwera wokonza anakwera padenga, ndipo anapeza kuti waya wochokera pa kadishi unali utagona pa malata osatetezedwa, khungu lake litasweka ndi dzuwa. Masana malata akatentha kulumikizana kumaduka, madzulo kukazizira kumabwerera. Wayawo ndinausuntha ndekha pamene ndimakonzetsa denga, choncho ndinalipira ulendo wa wokonzayo ndi waya watsopano. Achimwene, musanalembe kalata kwerani padenga muone waya, muonenso ngati kadishi sikanapotoke ndi mphepo.

Wamawaya_Chikwawa

Nkhani ya akuluwa ikuonetsa malire a njira imene ndapereka, ndipo ndibwino ndinene poyera. Rauta ikamayankha koma kunja kusakuyankha, vuto likhoza kukhala pa waya wa padenga, pa kadishi, pa nsanja, kapena kutsogolo kwa nsanja. Kaundula yekha sangasiyanitse malo anayiwa. Njira yapafupi yosiyanitsira ndi kupeza munthu wina wa kampani yomweyo amene amalandira kuchokera pa nsanja yomweyo, ndipo nayenso azilemba nthawi. Ngati nonse mukuduka pa mphindi imodzi, waya wanu walungamitsidwa.

Wosindikiza_Nchalo

Ndabwerera patatha mwezi, ndipo ndikuthokoza nonse. Padenga ndinakwera, waya uli m'paipi ndipo kadishi kali mmene anakasiyira. Ndinayendetsa kaundula mwezi wonse wa Novembala pa nthawi ya ntchito, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, masiku 26 kupatula Lamulungu. Amenewa ndi maola 286. Pa maola amenewa, 22 ndawachotsa chifukwa rauta yanga siinkayankha kapena m'kaundula munali mpata, nthawi zambiri batire langa la sola litatha. Atsala maola 264 amene zipangizo zanga zinali bwino. Mwa amenewa intaneti inaduka ka 19, ndipo kuphatikiza zonse ndi maola 33. Kuduka kotalika kwambiri kunali pa 12 Novembala, kuyambira 10:05 m'mawa mpaka 4:45 madzulo, maola 6 ndi mphindi 40. Ndinaimba foni ka 11 ndipo anandipatsa nambala za dandaulo 7, maulendo enawo foni siinayankhidwe. Mnzanga wogulitsa mankhwala pafupi ndi msika, amene ali pa kampani yomweyi, analemba m'kope kwa sabata ziwiri, ndipo nthawi zake zikufanana ndi zanga.

Pali chinthu china chimene ndaona nditaika kope pambali pa kaundula. Pa maulendo 19 aja, 13 anayamba patapita pafupifupi maola awiri magetsi a ESCOM atazima, ndipo intaneti imabwerera patangopita mphindi zochepa magetsi atayaka.

Kalata ndayamba motere: "Ndatopa ndi chinyengo cha kampani yanu, imene imatenga ndalama zathu popanda kupereka chilichonse." Kodi ndipitirize bwanji?

Wamawaya_Chikwawa

Ntchito mwaigwira bwino kwambiri. Ndisanafike pa kalata, ndifunse zinthu ziwiri. Kodi maola 33 mwawapeza powerenga mizere kapena poona nthawi yolembedwa? Ndikufunsa chifukwa kunja kukapanda kuyankha kompyuta imadikira masekondi angapo isanalembe False, motero mizere siikhala yotalikirana mphindi imodzi yeniyeni, ndipo njira yolondola ndi kuchotsera nthawi ya False woyamba pa nthawi ya True woyamba wotsatira. Chachiwiri, kodi False mmodzi woima yekha mwamuwerenga ngati kuduka?

Za maola awiriwo, chimene mwaona chikufanana ndi nsanja imene ikuyendera mabatire ofooka. Magetsi akazima nsanja imapitiriza ndi mabatire, ndipo akatha imazima mpaka magetsi atabwerera, pokhapokha pakhale jenereta kapena sola yokwanira. Kuno ku chigwa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, mabatire a mtovu amakalamba msanga. Amisiri amawerengera kuti moyo wa batire lotere umatsika ndi theka pa madigiri 10 aliwonse opitirira 25. Komabe m'kalata musalembe kuti mabatire awo ndi akufa, chifukwa simunawaone. Lembani zimene munayesa, kenako muwafunse ngati nsanjayo ili ndi magetsi apadera okwanira.

Wosindikiza_Nchalo

Ndinagwiritsa ntchito nthawi yolembedwa, nditatsegula kaundula mu Excel. False woima yekha sindinamuwerenge. Ndinangotenga pamene panali mizere itatu kapena kuposerapo yotsatizana.

Mlembi_Wopuma

Ndinagwira ntchito ya ulembi m'maofesi kwa zaka zambiri, ndipo makalata odandaula ndinawalandira ochuluka. Mwana wanga, chiganizo chanu choyambacho chichotseni. Mawu akuti chinyengo ndi mlandu umene simungautsimikize, ndipo mawu akuti "popanda kupereka chilichonse" akutsutsana ndi kaundula wanu, amene akuonetsa kuti intaneti inalipo maola 231 pa 264. Wowerenga akapeza bodza limodzi m'mzere woyamba amakayikira manambala onse otsatira. Kalata ikhale tsamba limodzi, ndipo pamwamba pakhale dzina lanu, nambala ya akaunti, malo a shopu ndi tsiku. Ine ndikanalemba chonchi:

"Ndikulemba kudandaula za kuduka kwa intaneti pa akaunti yanga m'mwezi wa Novembala. Ndinayesa kulumikizana pa mphindi iliyonse, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, kwa masiku 26, pa kompyuta yolumikizidwa ku rauta ndi waya. Nditachotsa maola 22 amene zipangizo zanga zinali zozima, patsala maola 264. Mwa amenewa intaneti inaduka ka 19, maola 33 onse pamodzi, kutanthauza 12.5 peresenti ya nthawi imene ndinayesa, pamene rauta yanga inali yoyaka ndipo ikuyankha. Kuduka kotalika kwambiri kunali pa 12 Novembala, maola 6 ndi mphindi 40. Ndinakudziwitsani pa foni ndipo nambala 7 za madandaulo zili pa tsamba lachiwiri. Maulendo 13 mwa 19 anayamba patapita pafupifupi maola awiri magetsi atazima m'dera lino. Ndikupempha kuti mundifotokozere polemba chimene chikuchititsa vutoli ndi tsiku limene mudzalikonze, kuti muchotse K15,000 pa bilu yanga yotsatira, ndiponso kuti mundiyankhe pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi. Ngati sindilandira yankho, ndidzapititsa dandaulo langa ku bungwe la MACRA."

Pa tsamba lachiwiri muike mndandanda wa maulendo 19 aja, uliwonse ndi tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yotha, kutalika kwake ndi nambala ya dandaulo ngati ilipo. Kaundula yense wa mizere masauzande musamusindikize, ingomutumizani pa imelo. Mukapereka kalata pamanja tengani makope awiri, ndipo wolandira adinde ndi kusayina lanu.

Mwana_wa_Thabwa

K15,000 yokha pa mavuto onsewo? Nanga makasitomala amene anabwerera, monga mayi wa ku Ngabu uja? Alembe ndalama yonse imene analuza.

Mlembi_Wopuma

K15,000 ndi 12.5 peresenti ya K120,000, ndipo aliyense angaiwerengere yekha. Ndalama ya makasitomala amene anabwerera ilibe lisiti, ndiponso mapangano ambiri a mtundu umenewu amanena kuti kampani siidzalipira phindu limene kasitomala wataya. Akhoza kutchula m'chiganizo chimodzi kuti bizinesi yake imadalira intanetiyi, koma asaikepo mtengo umene sangauonetse.

Wowerengera_Ndalama

Ine ndikusiyana nanu pang'ono, bambo, pa K15,000 yomweyo. Achimwenewa amalipira mwezi wathunthu, usana ndi usiku, ndipo mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Kampani idzagawa 33 ndi 720, zimene zikupereka pafupifupi 4.6 peresenti, ndiye kuti K5,500. Idzanena kuti maola a usiku ndi a Lamulungu, amene sanayesedwe, intaneti inalipo. Ngati alemba K15,000 osafotokoza mmene waipezera, adzamuona ngati wokokomeza. Ndibwino alembe nambala imene kampani siingatsutse.

Wamawaya_Chikwawa

Kampani idzawerengadi choncho, koma kuwerenga kumeneko kukuganizira kuti usiku wonse kunalibe vuto, pamene magetsi amazimanso usiku ndipo nsanja ndi yomweyo. Nthawi imene sinayesedwe siingawerengedwe ngati yabwino kapena yoipa. Chilungamo ndi kugawa maola oduka ndi maola oyesedwa. Chimene chingathetse mkangano ndi kupempha kampani kuti itulutse kaundula wake wa nsanjayo wa mwezi wa Novembala, chifukwa zipangizo zawo zimalemba nthawi imene kadishi ka kasitomala kalumikizana ndi pamene kaduka.

Wowerengera_Ndalama

Kupempha n'kwabwino, koma palibe chimene ndikuona chowakakamiza kumupatsa. Ndikuumirirabe kuti alembe nambala zonse ziwiri ndi kufotokoza chifukwa chimene wasankhira yaikuluyo. Awerengenso pangano limene anasayina. Ngati muli lonjezo la 99 peresenti pa mwezi, ndiye kuti kampani inadzilola kuduka maola 7 ndi mphindi 12 basi pa maola 720, ndipo maola 33 apitirira kanayi ngakhale titawerenga mwa njira yawo. Ngati mulibe lonjezo lililonse, kuchotsera ndalama kudzakhala pempho chabe.

Wosindikiza_Nchalo

Pangano ndalifufuza m'kabati ndipo ndalipeza. Ndi tsamba limodzi, likunena za liwiro ndi mtengo wa pa mwezi, koma za maola a kulumikizana palibe. Pali mzere wonena kuti kampani idzayesetsa kupereka intaneti nthawi zonse.

Mphunzitsi_Ngabu

Ndiye kodi ku MACRA angapite ngakhale pangano lilibe nambala? Bwanji osangoyambira komweko?

Mlembi_Wopuma

Angapite. MACRA ndi bungwe limene limapereka ziphaso kwa makampani a mauthenga ndi kuwayang'anira pansi pa lamulo la za mauthenga la 2016, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Koma njira yake ndi yoti munthu ayambe wadandaula ku kampani, ndipo akapita ku bungwelo aonetse kuti anatero koma sanathandizidwe. N'chifukwa chake kope lodindidwa lija ndi nambala 7 zija zili zofunika. Palinso bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene limamva madandaulo a anthu amene alipira chinthu koma osachilandira mokwanira. Masiku 14 amene ndalemba m'kalata si a lamulo, ndi nthawi imene wolemba akupereka yekha ndipo ndi yokwanira kuti ofesi iyankhe.

Zamalonda_Nsanje

Chenjezo limodzi: bilu ya Disembala mulipire monga mwa nthawi zonse. Mukasiya kulipira adzakudulani, ndipo nkhani idzasanduka ya ngongole yanu.

Mlimi_wa_Nzimbe

Mnzanu wogulitsa mankhwala uja nayenso alembe kalata yake, kapena asayine pa yanu. Makalata awiri ochokera pa nsanja imodzi ndi ovuta kuwayankha kuti zimitsani rauta.

Wamawaya_Chikwawa

Alembe yake, ndi nambala ya akaunti yake, chifukwa madandaulo amasungidwa pa akaunti. Ndipo kaundula musamuimitse mutatumiza kalata. Ngati mungathe, musiyeni ayende usiku wonse kwa sabata imodzi, laputopu ndi rauta zili pa batire, kuti funso la maola 720 lija likhale ndi yankho loyesedwa.

Wosindikiza_Nchalo

Ndalembanso kalata motsatira ndondomeko ya bambo Mlembi_Wopuma. Ndasiya K15,000 koma ndaonjezera chiganizo chofotokoza kuti ndagawa ndi maola 264 amene ndinayesa, ndipo ndapempha kaundula wawo wa Novembala kuti tiyerekeze. Za K5,500 sindinatchule, ngakhale ndamva mfundo ya a Wowerengera_Ndalama, chifukwa ndikuona kuti ngati akufuna kuwerenga mwa njira imeneyo aonetse okha kuti usiku intaneti inalipo. Mnzanga walemba yake dzulo. Batire langa silingafike m'mawa ndi laputopu ndi rauta pamodzi, choncho ndabwereka lina kwa mlamu wanga kwa sabata imodzi. Lolemba ndikukwera basi kupita ku Blantyre kukagula mapepala ndi inki, ndipo makalata onse awiri ndikawapereka pamanja ku ofesi yawo kuti akadinde makope athu.